Munajambula tebulo pamsonkhano koma manambala sakuwerengeka? Umu ndi mmene ndimawapulumutsira

"A Mlembi, kodi matumba asanu ndi atatu enawo mwawapeza kuti? Ife tinapereka 47, koma makilo amene mwawerengawa ndi a matumba 55."

Anandifunsa motero mayi wapampando wa kalabu ina ya kopaletivu yathu, kope lawo lili m'manja, tili pansi pa mtengo ku Linthipe. Ndinayang'ananso pafoni panga ndipo ndinaona kuti mayiwo akunena zoona. Ndinali nditawerenga makilogalamu 2,750 pamzere wa kalabu yawo, pamene nambala yawo inali 2,350. Kusiyana kwake ndi makilogalamu 400 a soya, ndipo pankhani ya ndalama za alimi zimenezo si zocheza. Cholakwa sichinali cha amene anakonza tebulolo. Chinali cha chithunzi chimene ndinajambula dzulo lake muholo ina paboma pa Dedza, ndi mmene ndinachiwerengera mothamanga.

Tsiku la msonkhanolo kunali chisanu cha mu Julayi. Ndinafika mochedwa ndipo ndinapeza mpando cha kumapeto, kudzanja lamanja kwa holo. Purojekita inkaponya pabolodi yoyera yonyezimira ija yolembapo ndi maka. Silayidi imene tonse tinkaidikira, ya matumba a soya amene kalabu iliyonse inapereka, inakhala pabolodipo mwina theka la mphindi. Ndinajambula kamodzi basi. Chithunzi chimodzicho chinabwera ndi matenda atatu: chinali chopendekeka, chinali ndi banga lowala pakati, ndipo bambo wina wa kutsogolo kwanga anali atakweza foni yake, n'kutseka mbali ina ya tebulo. Kuyambira pamenepo ndakonza zithunzi zotere zambirimbiri, zanga ndi za anzanga, ndipo ndinaona kuti chofunika kwambiri ndi dongosolo: choyamba n'chiyani, chachiwiri n'chiyani.

Musanakhudze chilichonse, pezani chithunzi chenichenicho

Ambiri amayamba kulimbana ndi chithunzi chimene chadutsa kale pa WhatsApp. Foni zambiri zimajambula chithunzi cha mapikiselo 4,000 m'litali ndi 3,000 m'lifupi. Mukachitumiza mwachizolowezi pa WhatsApp, chimachepetsedwa kufika pafupifupi mapikiselo 1,600 m'litali. Pankhope ya munthu simungaone kusiyana, koma panambala mumaona. Pachithunzi changa nambala iliyonse inali yaitali mapikiselo pafupifupi 22. Itadutsa pa WhatsApp ikanatsala ndi 9, ndipo pamenepo 3 ndi 8 amasanduka mapasa, 1 ndi 7 chimodzimodzi.

Choncho ngati wajambula ndi mnzanu, m'pempheni atumize ngati Document, osati ngati chithunzi wamba, kapena mupatsirane pa Bluetooth mukakumana. Sikirinishoti musailandire n'komwe. Mukapeza chenichenicho, pangani kope lina n'kumagwirira ntchito pakopelo. Mudzafuna kubwerera ku choyambiriracho mukadzayamba kukayika.

Kuwongola kaye

Ine chinandigwetsa ndi ichi. Ukakhala kumanja kwa holo, mbali ya kumanzere ya bolodi imakhala kutali ndipo imaoneka yaing'ono. Popeza bolodi ili pamwamba kuposa maso a munthu wokhala pampando, mizere yonse imaoneka ngati ikukwera phiri kuchokera kumanzere kupita kumanja. Tebulo lathu linalibe mizere yojambula yolekanitsa makalabu, linali mayina ndi manambala okha. Diso langa linachoka pa dzina la kalabu yachisanu, n'kuyenda mowongoka, n'kukafikira pa makilo a kalabu yachisanu ndi chimodzi, amene anali atakwera kufika pamlingo womwewo. Wokhala kumanzere kwa holo zimamuchitikira mosemphana: amagwera pamzere wa pamwamba.

Kuzungulitsa chithunzi sikuthetsa vutoli. Mukawongola mzere wa pamwamba, wa pansi umapendekeka, chifukwa mizereyo sinapendekeke mofanana, ikupita kokakumana. Chofunika ndi kukoka ngodya zinayi za silayidi kuti zibwerere pamalo pake.

Pafoni ndimagwiritsa ntchito Snapseed, imene ndi yaulere. Tsegulani chithunzi, pitani pa Tools, musankhe Perspective, kenako Free. Kokani ngodya imodziimodzi mpaka m'mphepete mwa silayidi mugwirizane ndi timizere timene pulogalamuyo imaonetsa. Pali kanthu kamodzi koyenera kusamala: mukamakoka, m'mbali mumatsala mipata, ndipo pulogalamuyo imafuna kuidzaza yokha pokopera zimene zili pafupi. Ngati tebulo lafika m'mphepete, imatha kubwereza zidutswa za manambala. Sankhani White kapena Black m'malo mwa Smart kuti mipatayo ikhale yopanda kanthu.

Pakompyuta GIMP imachita bwino koposa. Dinani Shift+P, ndipo pa Direction musankhe Corrective (Backward). Ikani ngodya zinayi za kaukonde kamene kaonekera pachithunzipo ndendende pangodya zinayi za silayidi, kenako Transform. Silayidi imadzaza chithunzi chonse koma imaoneka yowonda, manambala atatalika. Pitani pa Image, Scale Image, mumasule katcheni kolumikiza manambala awiriwo, mulembe 1600 ndi 900. Masilayidi ambiri masiku ano ndi a 16:9. Akale ndi a 4:3, ndipo amenewo muwapatse 1600 ndi 1200.

Nanga ngodya ina ikabisika kapena ikakhala kunja kwa chithunzi? Musailote. Funani zinthu zina zimene mukudziwa kuti pasilayidipo n'zowongoka: pansi pa mawu a mutu, pansi pa mzere wa chiwerengero chonse, zilembo zoyambirira za mayina, ndi manambala omalizira a kolamu ya kumanja, popeza manambala kawirikawiri amafoletsedwa kumanja. Zinayi zimenezi zimapanga bokosi lokwanira kuwongolera.

Mungadziwe bwanji kuti mwawongola bwino? Yezani mpata wa pakati pa mizere iwiri ya pamwamba, muyezenso wa mizere iwiri ya pansi. Ikafanana, kumanzere ndi kumanja komwe, zatheka. Ine ndimang'amba kapepala, n'kuikapo timadontho tiwiri ta bolopeni, n'kumakatsetsereza pagalasi la foni. Muyeso umenewu ubweranso kutsogoloku, usungeni.

Kuwala kuli mitundu iwiri, ndipo umodzi wokha ndi wochizika

Mtundu woyamba ndi kuzilala. Dzuwa likalowa pawindo, kapena magetsi a muholo akasiyidwa oyaka, malemba akuda amasanduka otuwa, silayidi yonse n'kuoneka ngati yakutidwa ndi nkhungu ya pa Bembeke. Zolembazo zilipo ndithu, zangochepa mphamvu. Mu Snapseed, pa Tune Image, tsitsani Highlights, mutsitseko Brightness, kenako mukweze Contrast pang'onopang'ono. Mukapyola muyezo timizere topyapyala timaduka, 8 n'kuoneka ngati 3, kadontho ka 9.5 n'kusowa. Lekezani pamene manambala ayamba kuwerengeka, osati pamene chithunzi chakongola.

Mtundu wachiwiri ndi banga lothobwa m'maso. Bolodi yoyera ija, kapenanso galasi la wailesi yakanema, imachita ngati kalilole: imabwezera kwa inu diso la purojekita kapena windo. Kamera ili ndi malire. Kuwala kwa pikiselo iliyonse imakusunga ndi nambala yoyambira 0 kulekeza 255, ndipo chilichonse chowala kuposa pamenepo imangochilemba 255. Pakatikati pa bangalo, malemba ndi bolodi zonse zimakhala 255. Palibe pulogalamu imene ingatulutse nambala pamalo amenewo, chifukwa sinalowe n'komwe mufoni.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Tsitsani Brightness ndi Highlights mpaka kumapeto, mukulitse pamalo a bangalo. Ngati mukuona kamthunzi ka nambala, ngakhale kofooka bwanji, pali chopulumutsa. Ngati pangokhala potuwa mosalala ngati pulasitala, siyani, musatayepo nthawi. Kawirikawiri banga limakhala ndi mtima wakufa ndi m'mphepete mwamoyo. Vuto n'loti mukadetsa chithunzi chonse kuti m'mphepetemo muwerengeke, kwina konse kumada bii. Pamenepa, mu Snapseed, gwiritsani ntchito Selective: ikani kadontho pabangapo, mukulitse bwalo lake ndi zala ziwiri, mutsitse kuwala pamalo okhawo. Mu GIMP pali njira ina imene ndimaikonda. Pangani leya yachiwiri ndi Duplicate Layer, muisungunule ndi Gaussian Blur mpaka malemba onse asowe patsale kuwala kokha, kenako Mode ya leyayo muike pa Divide. Kuwala kosiyanasiyana kuja kumafanana, manambala n'kutsala poyera.

Chida chotchedwa Healing musachiyandikize patebulo. Ntchito yake ndi kuphimba banga ndi zimene yatenga pafupi, ndipo patebulo zapafupizo ndi manambala a kalabu ina.

Nditawongola ndi kudetsa, ndinakopera pakope zokhazo zimene maso anga ankaona, osawonjezera kanthu. Mayina a makalabu ndawasintha ndi manambala.

| Kalabu | Matumba | Makilogalamu | Peresenti |
|---|---|---|---|
| 1 | 42 | 2,100 | 10.5 |
| 2 | 58 | 2,900 | 14.5 |
| 3 | 36 | 1,800 | 9.0 |
| 4 | 6? | ?,??0 | 15.8 |
| 5 | 47 | 2,350 | 11.8 |
| 6 | 55 | 2,750 | 13.8 |
| ? | ? | ? | 9.5 |
| ? | ? | ? | ? |
| 9 | 29 | 1,450 | ? |
| Onse | 400 | 20,000 | ? |

Tebulo limadziulula lokha

Apa ndi pamene pali nkhani yeniyeni. Tebulo si mulu wa manambala ongomwazika. Manambala ake ndi apachibale, ndipo mmodzi akasowa, abale ake amatha kukuuzani kuti anali ndani. Muyambe mwatsimikiza ubalewo pamizere yooneka bwino. Matumba 42 kuchulukitsa ndi 50 ndi 2,100. Matumba 58 ndi 2,900. Choncho thumba lililonse ndi la makilogalamu 50. Komanso 42 mwa 400 ndi 10.5 peresenti, kusonyeza kuti peresentiyo ikuwerengedwa pa chiwerengero chonse cha matumba.

Tsopano kalabu yachinayi, imene inagwera pabanga. Nambala yoyamba inali 6, yachiwiri inkaoneka mbali ya kumanja yokha, timimba tiwiri tosanjikizana. Akhoza kukhala 3, akhoza kukhala 8. Peresenti yake, 15.8, inali kunja kwa bangalo. Matumba 68 mwa 400 akanakhala 17.0. Matumba 63 ndi 15.75, imene ikafupikitsidwa imalembedwa 15.8. Yankho ndi 63, ndipo makilo ake ndi 3,150.

Kenako malo amene foni ya bambo uja inatseka. Funso loyamba si lakuti manambala ake ndi ati, koma lakuti mizere yobisikayo ilipo ingati. Apa m'pamene muyeso uja unagwira ntchito. Pachithunzi chowongolacho mzere uliwonse unkatalikirana ndi unzake mapikiselo 60. Nambala 55 inali pa 550 kuchokera pamwamba, 29 inali pa 730. Kusiyana kwake ndi 180, kutanthauza masitepe atatu, choncho pakati pali mizere iwiri. Pachithunzi chopendekeka masamu amenewa sangakuthandizeni, chifukwa mipata yake sifanana. N'chifukwa chake kuwongola kumayamba.

Matumba odziwika ndinawaphatikiza: 42, 58, 36, 63, 47, 55 ndi 29 amakwana 330. Kuchotsa pa 400 kutsala 70. Koma 70 ameneyu ndi wa makalabu awiri, ndipo chiwerengero chonse chimangopulumutsa nambala imodzi yosowa, osati ziwiri. Akhoza kukhala 35 ndi 35, akhoza kukhala 50 ndi 20. Munthu wothamanga amagawa pakati n'kupitirira, ndipo pamenepo m'pamene bodza limalowera mulipoti.

Chinandipulumutsa ndi 9.5 amene ankasuzumira pamwamba pa chala cha bamboyo. Nambala yofupikitsidwa imabisa kampata: 9.5 angachokere paliponse pakati pa 9.45 ndi 9.55. Pa matumba 400 amenewo ndi matumba 37.8 mpaka 38.2, ndipo nambala yathunthu imene ili mmenemo ndi 38 yekha. Kalabu yachisanu ndi chiwiri inapereka 38, choncho yotsatirayo inapereka 32.

Ndinachita mwayi kuti wokonza tebuloyo anasiya kadontho ndi nambala imodzi pambuyo pake. Akanalemba maperesenti athunthu, 9.5 akanaoneka ngati 10, ndipo 10 amalola matumba 38, 39, 40 kapena 41. Pamenepo sindikananena nambala imodzi. Ndikanalemba kuti ali pakati pa 38 ndi 41, basi. Komanso musayese kupeza peresenti yosowa pochotsa zinazo pa 100. Mutebulo ili, maperesenti onse asanu ndi anayi mukawaphatikiza monga alembedwera amakwana 100.2, chifukwa cha kufupikitsa komweko. Matumba ndi makilo ndiwo odalirika pochotsera.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa nthawi zonse. Nambala 32 ndinaipeza podalira kuti 400 ndi wolondola, kuti 63 ndi wolondola, ndiponso kuti 38 ndi wolondola. Ndinagwiritsa ntchito chiwerengero chonse kupeza nambalayo, choncho sindingatembenukenso n'kunena kuti taonani, zonse zikukwana 400. Zikwana ndithu, popeza ndine ndazikwanitsa. Wokonza silayidi akanakhala kuti anasintha nambala ya kalabu ina n'kuiwala kusintha chiwerengero chonse, cholakwa chakecho chikanathera pa 32 wangayo osaoneka. Nambala yotere imafuna mboni ina.

Mboni inali msungichuma wathu, amene anakhala kumanzere kwa holo. Ndinamuimbira: "Achimwene, paja munajambulako tebulo lija? Tanditumizireni, koma mutumize ngati Document." Poyamba anatumiza mwachizolowezi, ndipo pamalo a 32 pankangooneka 3 ndi kachimbuuzi. Atatumizanso moyenera, 38 ndi 32 anaoneka bwinobwino, mayina a makalabu awiriwo pamodzi. Kuchokera kumene iye anakhala, foni ya bambo uja inatseka kolamu ya maperesenti, ndipo banga linagwera kwina, 63 n'kuoneka poyera. Chotchinga chimene chili pakati pa inu ndi bolodi chimasuntha mukasuntha, banga nalonso chimodzimodzi. Zithunzi ziwiri zoipa zochokera mbali zosiyana zimaposa chimodzi chabwinoko.

Chosasuntha ndi mthunzi. Wolankhula akaima patsogolo pa purojekita, kuwala sikufika pabolodi, ndipo aliyense muholomo amajambula mdima womwewo. Mukaona kuti chatseka mizere ndi mthunzi, musavutike kupempha chithunzi cha mphindi yomweyo. Funani amene anajambula wolankhulayo atasuntha.

Za manambala ooneka theka ndinene pang'ono. Musawayerekeze ndi mmene inu mumalembera. Ayerekezeni ndi anzawo a mutebulo lomwelo: kulitsani 3 wooneka bwino ndi 8 wooneka bwino, muwaike pambali pa wokayikitsayo. Mitu ya 2 ndi 3 imafanana, ya 8 ndi 9 chimodzimodzi, ndipo matako a 3 ndi 5 n'zovuta kuwasiyanitsa. Ngakhale nambala isakuwerengeka, m'lifupi mwake mumakuuzani ngati ili ya malo atatu kapena anayi.

Polemba lipoti, ndimasiyanitsa. Nambala imene ndaiwerenga ndi maso ndimailemba ndi bolopeni. Imene ndaipeza ndi masamu ndimailemba ndi pensulo n'kuikapo kanyenyezi, pansi n'kufotokoza mmene ndaipezera. Mu Excel ndimaipaka chikasu. Malo amene palibe njira ndimawasiya opanda kanthu. Ziro sindilembapo, chifukwa ziro akutanthauza kuti kalabuyo sinapereke thumba ngakhale limodzi.

Ulendo wina muholo

Zambiri mwa izi zimapeweka ndi masekondi ochepa. Zimitsani fulashi, chifukwa pabolodi yonyezimira imangowonjezera banga lachiwiri. Muholo yamdima kamera imayesa kuwalitsa chipinda chonse, silayidi n'kupserera. Dinani pasilayidipo pagalasi la foni, mutsitse kadzuwa kamene kamaonekako mpaka manambala ade bwino, ngakhale anthu asanduke zithunzithunzi. Ngodya zonse zinayi zilowe, musiyeko kampata m'mbali. Zumu yotsina ndi zala pafoni zambiri siwonjezera kanthu, bola kusendera pafupi. Mukaona mikwingwirima yamitundumitundu yodutsa pachithunzi, ndiye kuti kamera yathamanga kuposa kuphethira kwa purojekita. Ngati foni yanu ili ndi Pro, ikani liwiro pa 1/30, zigongono mutsamiritse pa mpando wa kutsogolo kuti dzanja lisanjenjemere. Ndipo jambulani katatu, mukusunthako thupi: kamodzi muli chikhalire, kamodzi mutapendekera kumbali, kamodzi mutakweza manja. Onetsetsaninso kuti tebulo latuluka lonse, popeza ena amaulutsa mizere umodziumodzi.

Msonkhano ukatha, pitani kwa wolankhulayo musanapite kukamwa tiyi. Ine ndimangoti, "Pepani bwana, silayidi ya matumba ija mungatigawireko? Kapena muibwezeretseko pang'ono tijambule bwino." Ambiri savuta. Ena amakana kupereka faelo yonse koma amalola kuibwezeretsa pabolodi kwa mphindi imodzi, holo ili pululu, inu mutaima pakatikati.

Sabata yotsatira ndinabwerera ku kalabu ija ndi pepala lokonzedwa. Mayi wapampando anatsegula kope lawo, n'kuyendetsa chala pamzere wawo: 47, 2,350. Kenako analoza 32 amene anali ndi kanyenyezi kofufutidwa pambali pake.

"Nanga apa munafufutapo chiyani, a Mlembi?"

Ndinawauza kuti poyamba nambalayo ndinaipeza ndi masamu, kenako ndinaiona ndi maso pachithunzi cha msungichuma. Anagwedeza mutu, n'kupempha kuti ndiwatumizire zithunzi zonse ziwiri pafoni ya mwana wawo.